Kilatchi ndi fulayiwilo: zomwe zimachitika pansi pa phazi lamanzere la dalaivala

Amene anaphunzira kuyendetsa galimoto ya magiya osintha ndi dzanja saiwala tsiku lomwe inamuzimira pamphambano, a kumbuyo akuliza mahutala. Mphunzitsi amangoti, "Mwasiya kilatchi msanga, lizaninso." Ambiri tinaphunzira ndi phazi lokha, osaona chimene phazilo limasuntha, chifukwa zonse zinabisika pakati pa injini ndi giyabokosi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka m'magalaja ndi m'madepoti a minibasi.

Kodi kilatchi ndi ya chiyani? Bwanji osangomangirira injini ku giyabokosi?

Chifukwa injini siingathe kuyamba ntchito ili chiimire, pamene matayala amayamba ali chiimire. Injini ya petulo kapena ya dizilo ikamalira yokha popanda kuponda moto, imazungulira maulendo pafupifupi 700 kapena 800 pa mphindi imodzi. Ikatsika kwambiri kuposa pamenepo imanjenjemera n'kuzima. Mukanati muilumikize mwachindunji ndi matayala, ngakhale pa giya 1, galimoto ikanayenera kukhala ikuyenda kale pa liwiro la munthu woyenda ndawala kuti injiniyo isazime. Ndiye pali mpata pakati pa kuima ndi liwiro limenelo, ndipo pamafunika chinthu choti chiwoloketse galimoto pa mpatawo.

Chinthucho ndi kilatchi. Imalola kuti mbali ya injini izungulire msanga pamene mbali ya giyabokosi ikuyamba pang'onopang'ono, ziwirizo zikukhulana, mpaka liwiro lawo lifanane. Zikafanana kukhulana kumatha, zonse zimazungulira ngati chitsulo chimodzi. Ntchito yachiwiri ndi yodula mphamvu kwa kanthawi pofuna kusintha giya, poti mano a magiya salolana kulowa kapena kutuluka ali ndi katundu. Choncho kilatchi anaipanga kuti iterereke kwa sekondi imodzi kapena ziwiri ponyamuka, kenako igwire zolimba ulendo wonse. Mavuto ake ambiri amayamba munthu akaitalikitsira nthawi yoterereka ija.

Mkati mwake muli zitsulo zanji?

Zikuluzikulu ndi zitatu, zosanjikizana. Choyamba ndi fulayiwilo, gudumu lolemera lachitsulo lomangidwa ndi mabawuti kumapeto kwa kilankishafuti, mtanda umene mapisitoni amazunguza. Chachitatu ndi pulesha puleti, yomwe imamangidwa pa fulayiwilo pomwepo, kotero ziwirizi zimazungulira limodzi nthawi zonse injini ikamalira. Pakati pawo pali chachiwiri, mbale yopyapyala imene amakaniko amaitcha kilatchi puleti. Mbale imeneyi siinamangidwe ku injini. Pakati pake pali chiboo cha mano chomwe chimavala pa shafuti yolowa mu giyabokosi, ndipo mbali zake zonse ziwiri zili ndi chikamba chokhakhala chofanana ndi cha mabuleki, chokhomedwa ndi maliveti.

Mu pulesha puleti muli sipuling'i yooneka ngati mbale yozondotsa, yokhala ndi zala zoloza pakati. Phazi likakhala kuti lili pansi, osati pa pedulo, sipuling'iyo imapana mbale ija pa fulayiwilo, mphamvu n'kumadutsa. Mukaponda pedulo, waya kapena mafuta a m'paipi amakankha foloko, foloko imakankha beringi, beringi imadina zala za sipuling'i, chopanira n'kubwerera m'mbuyo pang'ono chabe, mamilimita osaposa awiri. Kampata kameneko ndi kokwanira kuti mbale imasuke. Onani kuti zinthu zili mozondoka ndi momwe ambiri amaganizira: kuponda ndiko kumasula, kusiya ndiko kugwiritsa.

Nanga fulayiwilo ntchito yake n'chiyani, poti imangooneka ngati chitsulo cholemetsa galimoto?

Pitani kuchigayo cha dizilo cha silinda imodzi mukaone. Pambali pa injini pali gudumu lalikulu lolemera, ndipo woliza amalizunguza ndi chogwirira mpaka litatenga liwiro, kenako n'kumasula kachitsulo ka mpweya kuti injini igwire. Gudumu limenelo ndi fulayiwilo. Pisitoni imayenda maulendo anayi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kukankhidwa ndi moto, ndi kutulutsa utsi. Mwa anayiwo, umodzi wokha ndiwo umapereka mphamvu. Atatu enawo amadya mphamvu, makamaka wopanikiza. Gudumu lolemera limasunga gawo la mphamvu ya ulendo wa moto, n'kuibweza pa maulendo atatu otsalawo. Gudumu la makina osokera opalasa ndi phazi limachita zomwezo: telala akasiya kupalasa, singano imabayabe kangapo.

Injini ya masilinda anayi imalandira moto kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndiye fulayiwilo yake siifunika kukula ngati ya chigayo. M'galimoto zing'onozing'ono imalemera makilogalamu cha m'ma 7 mpaka 12. Komabe mphamvu imabwera modukizadukiza. Pa maulendo 800 pa mphindi, mapisitoni amamenyedwa ndi moto pafupifupi ka 27 pa sekondi iliyonse, ndipo fulayiwilo ndiyo imasalaza nkhonya zimenezi zisanafike ku mano a magiya. Zotsala zimamezedwa ndi timasipuling'i tozungulira pakati pa kilatchi puleti.

Ponyamuka, mphamvu yosungidwa mu fulayiwilo ndi imene imathandiza kuti injini isazime pa mphindi yomwe mbale yayamba kugwira. N'chifukwa chake amene amasema fulayiwilo kuti ipepuke, potengera a mpikisano wa galimoto, amadzavutika nayo ponyamuka ndi katundu.

Ili ndi ntchito zinanso ziwiri. M'mphepete mwake muli mkombero wa mano oposa 100, momwe kagiya ka sitata ka mano ochepa kamaluma poliza injini. Ndipo nkhope yake yosalala ndi theka la kilatchi, chifukwa mbale imakhula pamenepo. Mfundo yomalizayi ndi imene imaiwalika kwambiri, ndipo tibwereranso pa iyo.

Zingatheke bwanji kuti kupana kokha, popanda mano olumana, kukoke minibasi yodzaza anthu ndi matumba?

Kupanako si kwamasewera. Tiyerekeze kilatchi ya minibasi imene sipuling'i yake imapana ndi mphamvu ya manyutoni 5,000. Kumeneko kuli ngati kusanjika matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50 pa mbale imodzi. Mphamvu yopotokola imene kilatchi ingadutse nayo osaterereka imadalira zinthu zinayi: kukhakhala kwa chikamba, kupana kwa sipuling'i, kutalika kuchokera pakati pa mbale kufika pakati pa chikamba, ndi chiwerengero cha nkhope zokhula, zomwe ndi ziwiri. Chikamba chouma chabwino chimakhala ndi kukhakhala kwa pafupifupi 0.3, ndipo kutalika kuja tiyerekeze kuti ndi masentimita 10, kapena mamita 0.1.

```
0.3 × 5000 × 0.1 × 2 = 300
```

Kilatchi imeneyi ingagwire manyutoni-mita 300. Injini ya dizilo ya malita atatu yopanda thebo, monga 5L ya Toyota yomwe ili m'maminibasi ambiri a Hiace, imatulutsa pafupifupi 200 ikalimbikira kotheratu. Pali malo otsala, ndiye mbale siiterereka. Kuchulukitsa mphamvu kuti ikwanire kukwera mtunda ndi ntchito ya magiya, amene ali kutsogolo kwa ulendo wa mphamvuyo. Kilatchi imangonyamula zomwe injini yatulutsa.

Tsopano oyilo adonthere pa chikamba, kukhakhala kutsike kufika pa 0.15. Yankho likhala 150, kuchepera pa 200. Galimoto yomweyo, mbale yake ikadali yochindikala, iyamba kuterereka nthawi iliyonse dalaivala akaponda moto mokwanira. Chimodzimodzinso phazi logonekedwa pa pedulo. Pedulo, foloko ndi zala za sipuling'i zimachulukitsa mphamvu ya phazi maulendo makumi angapo, n'chifukwa chake mwendo umodzi umatha kugonjetsa matumba khumi aja. Kuchulukitsa komweko kumagwiranso ntchito pa phazi longotsamira: kulemera kwa makilogalamu ochepa pa pedulo kukhoza kuchotsa matumba awiri kapena atatu pa khumi aja, beringi nayo ikuzungulira ndi katundu ulendo wonse.

Kodi kubalansa pamtunda ndi kilatchi si ndiwo ukatswiri wa dalaivala?

Ndi luso lofunika kwa sekondi imodzi, ponyamuka. Likapitirira pamenepo ndi kuwotcha ndalama, ndipo ndimamva kuwawa ndikaona dalaivala akuligwiritsa ntchito pamzere wa galimoto wokwera mtunda, injini ikulira, galimoto ili chiimire, handibuleki ili pomwepo osaigwira.

Taganizani komwe mphamvu ikupita. Injini ikuzungulira maulendo 2,000 pa mphindi, ikukankha ndi manyutoni-mita 100 kuti galimoto isabwerere m'mbuyo, koma matayala sakuyenda. Mphamvu yonseyo, pafupifupi makilowati 21, ilibe kolowera kwina, imasanduka kutentha pa nkhope ziwiri za mbale. Ketulo yamagetsi imadya pafupifupi makilowati awiri. Ndiye kubalansa koteroko kuli ngati kuyatsa maketulo khumi pa mbale yaikulu ngati yodyera nsima. Pa masekondi khumi okha, kutenthako kungawiritse madzi oposa theka la lita. M'menemo mulibe madzi kapena oyilo woziziritsa. Fulayiwilo ndi pulesha puleti ndizo zimamwa kutenthako, n'kumakutaya pang'onopang'ono.

Zikachuluka, utomoni womanga chikamba umapsa, ndipo ndi umene umatulutsa fungo lowawa lija la ngati mabuleki opsa. Chikamba chimasalala n'kumanyezimira, kukhakhala kumatsika, sipuling'i yotenthedwa imafooka, kuterereka kumawonjezeka, kutentha nakonso kumawonjezeka. Njira yabwino ndi yakale yomwe ija: imani ndi buleki, kokani handibuleki, ikani pa fili ngati mudikira nthawi. Ponyamuka lowetsani giya 1, pondani moto pang'ono, kwezani phazi mpaka kutsogolo kwa galimoto kunyamuke pang'ono ndipo kulira kwa injini kutsike, masulani handibuleki, kenako chotsani phazi lonse. Kunyamukira pa giya 2 ndi katundu, kumene ena amati n'kusunga nthawi, kumachulukitsa mpata umene kilatchi iyenera kuwoloka ikuterereka.

Ndingadziwe bwanji kuti kilatchi yatha, osati giyabokosi?

Choyamba siyanitsani matenda awiri otsutsana: kilatchi yokana kugwira ndi kilatchi yokana kumasula.

Yokana kugwira imadziwika pa giya yapamwamba. Yendani pa giya 4 kapena 5 pa liwiro lochepa, pondani moto kwambiri. Ngati injini ikukwera kulira koma liwiro silikusintha mofanana, mbale ikuterereka. Imayambira pa magiya apamwamba chifukwa m'menemo galimoto siithamanga msanga, ndiye injini imakhalitsa ikukankha ndi mphamvu yake yonse. Musanatsitse giyabokosi, dinani pedulo ndi dzanja muone ngati ili ndi kampata koyenda mopepuka isanayambe kulimba. M'mabuku ambiri a Toyota kampatako ndi mamilimita 5 mpaka 15. Mbale ikamatha, zala za sipuling'i zimatuluka kulowera ku beringi, ndipo pa galimoto zosadzikonza zokha, makamaka za waya, kampatako kamatha n'kukhala ngati phazi lili pa pedulo nthawi zonse. Kumeneko n'kongokonza ndi sipanala, mbale isanapse.

Yokana kumasula imadziwika polowetsa giya. Injini ikakhala yozima magiya onse amalowa bwinobwino, koma mukailiza, giya 1 imalimba ndipo livesi imakukuta mano. Livesi ndiyo imaulula msanga chifukwa m'magiyabokosi ambiri ilibe mphete yofananitsira liwiro imene magiya opita kutsogolo ali nayo. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti giyabokosi yafa. Yambani mwaona mafuta a kilatchi m'kabotolo, omwe ndi ofanana ndi a mabuleki. Ngati atsika, kapena pedulo yafewa ngati siponji ndipo ikulimba mukaipopa kangapo, muli mpweya kapena kudontha m'masilinda ake awiri. Zimenezo zimakonzedwa panja, osatsegula kanthu mkati.

Phokoso nalo limalankhula. Kulira kumene kumabwera mukaponda pedulo n'kutha mukasiya, kawirikawiri ndi beringi yodina sipuling'i. Kulira kumene kulipo pa fili phazi lili pansi, n'kutha mukaponda, kumaloza ku beringi ya shafuti yolowa mu giyabokosi, poti kuponda kumaimitsa shafuti imeneyo.

Ndinaika kilatchi puleti yatsopano, koma galimoto ikunjenjemera ponyamuka ndipo yayambanso kuterereka. Kodi anandigulitsa yabodza?

Zabodza zilipo, koma nthawi zambiri mlandu uli pa zomwe zinasiyidwa mkatimo. Zinandichitikira ine ndi pikapu yanga. Pofuna kusunga ndalama ndinagula mbale yokha, makaniko wa pagalaja ina n'kuiika tsiku limodzi, osamasula fulayiwilo. Patangopita miyezi yochepa, ponyamuka galimoto yonse inkagwedezeka mpaka galasi lam'kati kumavina. Titatsitsanso giyabokosi kwa makaniko wina, anandiitana pansi pa galimoto ndi tochi. "Bwana, taonani apa," anatero. Nkhope ya fulayiwilo inali ndi madontho obiriwira moderako, ngati mpeni wotenthedwa pamoto, ndi timing'alu tating'ono ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Anapisa chala kuseri kwake, chinatuluka chakuda ndi oyilo. Silo ya kumapeto kwa kilankishafuti inali ikudontha kuyambira kale. Ndinalipira kawiri ntchito yotsitsa giyabokosi chifukwa cha kamphira kotchipa kuposa zonse.

Madontho amenewo ndi malo amene chitsulo chinatentha kwambiri n'kuuma kuposa pozungulira. Satha mofanana ndi pena ponse, ndiye mbale imagwira, kuterereka, kugwiranso, pa kuzungulira kulikonse. Kumeneko ndiye kunjenjemera kuja. Fulayiwilo yotere imafunika kupita kwa osema zitsulo kuti aisalaze, ndipo ngati ili ndi sitepe pakati pa pokhula mbale ndi pomanga pulesha puleti, aseme ponse pawiri mofanana, apo ayi kupana kwa sipuling'i kumasintha. Ming'alu yozama siisemedwa, fulayiwiloyo ndi yotaya.

Giyabokosi ikakhala pansi, onani zonse nthawi imodzi. Mabuku a Toyota amati mitu ya maliveti ikhale yomira mamilimita osachepera 0.3 pansi pa chikamba, ndipo nkhope ya fulayiwilo isapendame kuposa mamilimita 0.1 poizunguza. Sinthani mbale, pulesha puleti ndi beringi pamodzi. Onani silo ya injini, silo ya giyabokosi, ndi kaberingi kakang'ono ka pakati pa fulayiwilo komwe nsonga ya shafuti imakhala. Mbale ili ndi kumaso ndi kumbuyo, ndipo zambiri zimalembedwa `FLYWHEEL SIDE` kapena `GEARBOX SIDE`. Iyenera kukhala pakati penipeni musanamange, mabawuti amangidwe pang'onopang'ono modumphana, ndipo girizi wa pa mano a shafuti akhale wongopaka, chifukwa wochuluka amamwazikira pa chikamba. Fumbi la m'menemo musaliuzire ndi mpweya: mbale zakale ndi zina zotchipa zimakhala ndi asibesitosi, yemwe amawononga mapapo. Ndipo ngati zonsezi zili bwino koma kunjenjemera kulipobe, onani mphira zogwira injini.

Kodi kutsika mtsetse nditaponda kilatchi kapena ndili pa fili kumasunga mafuta?

Pa galimoto zamakono zimene mafuta ake amayendetsedwa ndi kompyuta, ayi. Mukatsika muli m'giya, phazi litachoka pa moto, matayala ndiwo amazunguza injini kudzera pa kilatchi yomweyo, ndipo kompyuta imatseka mafuta. Mukaika pa fili, injini imafuna mafuta kuti izilira yokha. Pa injini zakale mwina mungapulumutse timadontho, koma mtengo wake ndi waukulu. Pa mitsetse yaitali monga wa Chiweta, wa Golomoti kapena wotsikira ku Chikwawa, injini ndiyo imagwira gawo lalikulu la kulemera kwa galimoto. Mukaidula, zonse zimatsalira mabuleki, amatentha, n'kusiya kugwira.

Palinso ngozi imene ambiri saidziwa. Mukasiya giya yotsika ili yolowa, n'kuponda pedulo kuti galimoto ithamange, matayala amazunguza mbale kudzera m'magiya pa liwiro loposa limene injini ingafike. Chikamba chikhoza kuthetheka n'kumwazika, pedulo ili pansi pomwepo. Ndipo mukasiya pedulo mwadzidzidzi, liwiro lonselo limalowa mu injini.

Kuyenda kwa mphamvu kobwerera m'mbuyo kumeneku ndi komwenso kumathandiza poliza galimoto mokankha. Giya 2 ndiyo yabwino, chifukwa pa giya 1 injini imalimbira matayala mpaka amangokhwekhwereza.

Sitata ikungokukuta osazunguza injini, koma ndikagwedeza galimoto ili m'giya imalira. N'chiyani?

Kawirikawiri ndi mano a mkombero wa fulayiwilo. Injini ya masilinda anayi imakonda kuima pa malo awiri omwewo nthawi zonse, pomwe pisitoni yakumana ndi mpweya wopanikizika, ndiye sitata imaluma mano omwewo kwa zaka mpaka amabuntha. Kugwedeza kumasuntha fulayiwilo kufika pa mano abwino. Kugula sitata yatsopano sikuthetsa vutoli. Chotsani sitata, yang'anani mano pa chiboo chake wina akuzunguza injini ndi sipanala.

Makaniko akuti fulayiwilo ya galimoto yanga siisemedwa ndipo mtengo wake ndi woopsa. Akundinamiza?

Mwina ayi. Galimoto zambiri zadizilo zamakono zili ndi fulayiwilo ya zigawo ziwiri, imene kampani ya ku Germany ya LuK inayamba kupanga mochuluka mu 1985. Chigawo chimodzi chimamangidwa ku injini, china chimanyamula kilatchi, ndipo pakati pawo pali masipuling'i aatali okhota okhala mu girizi. Cholinga ndi kumeza nkhonya zamphamvu za dizilo pa liwiro lotsika kuti magiya asamachite phokoso. Mtundu umenewu umatha ngati chipangizo china chilichonse choyenda. Umadziwika ndi kugogoda poliza ndi pozimitsa injini, ndipo ukatsegulidwa zigawo zake zimasewera mopitirira muyeso kapena girizi amakhala atatuluka. Chimene chimaupha msanga ndi kukoka katundu pa giya yapamwamba injini ikugunda motsika, komanso kutentha kwa kubalansa kuja. Opanga ambiri salola kuusema. Alipo amene amaikamo fulayiwilo wamba ya chigawo chimodzi, koma pamenepo pamafunikanso mbale yokhala ndi masipuling'i ake, chifukwa mbale yoyendera zigawo ziwiri nthawi zambiri ilibe, ndipo phokoso ndi kugwedezeka zimawonjezeka.

Nanga galimoto za otomatiki zochokera ku Japan zija, zili ndi kilatchi ndi fulayiwilo?

Zambiri zilibe mbale youma imene takambayi. M'malo mwa fulayiwilo yolemera muli chitsulo chopyapyala chonyamula mano a sitata, ndipo pa icho pamamangidwa chimphika chodzaza oyilo chotchedwa toko konveta. Mkati mwake gudumu lamapiko la mbali ya injini limaponya oyilo pa lina la mbali ya giyabokosi, ndiye kuterereka kwa ponyamuka kumachitikira m'oyilo, yemwe amanyamula kutentha kupita nako ku choziziritsira. Kulemera kwa chimphikacho ndi oyilo wake ndiko kumagwira ntchito ya fulayiwilo. Mkati mwa giyabokosi mulinso timakilatchi tambiri tonyowa, tomwe timapanidwa ndi oyilo wochokera ku pampu yozunguzidwa ndi injini. Injini ikazima pampu imaima, timakilatchito timamasuka, ndipo matayala alibe njira yofikira ku injini. N'chifukwa chake otomatiki ya batire lakufa siilira ngakhale anyamata khumi aikankhe mpaka kumsika. Imafuna mawaya ndi batire lina.